Pulaima, paudala ndi sipulei: kodi wongoyamba kuphoda agule zonse zitatu?

Munthu akalowa m'sitolo ya zodzoladzola ku Limbe kapena ku Bwalo la Njobvu kuti agule faundeshoni yake yoyamba, kawirikawiri satuluka ndi botolo limodzi. Wogulitsa amamuuza kuti popanda pulaima faundeshoniyo sigwira, popanda paudala isungunuka, ndipo popanda sipulei zonse zithera pa kolala ya bulauzi. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma si nkhope iliyonse imene ili ndi mavuto atatu onsewo, ndipo si tsiku lililonse limene limafuna zida zonsezo. Zinthu zitatuzi zimagulitsidwa ndi lonjezo limodzi, loti mekapu ikhalitsa, komatu chilichonse chimalimbana ndi mdani wakewake. Amene wadziwa mdani wa nkhope yake amagula chinthu chimodzi n'kusunga ndalama za ziwiri zinazo.

Chimene chimawononga mekapu

Faundeshoni yamadzimadzi ndi msakanizo wa madzi, mafuta kapena silikoni, ndi utoto wofanana ndi khungu. Mukaipaka, madzi aja amauma ndipo pamatsala kansalu kopyapyala ka utoto. Kansaluka kamawonongeka m'njira zitatu.

Njira yoyamba imachokera ku khungu lenilenilo. Pamphuno ndi m'mbali mwake pali timabowo tooneka, pena pali zipsera za ziphuphu, pena khungu likufunduka. Faundeshoni imalowa m'timabowomo n'kuoneka ngati timadontho, kapena imakakamira pamalo ouma n'kupanga mawanga. Vuto limeneli limaoneka msanga, musanachoke n'komwe pagalasi.

Njira yachiwiri ndi mafuta amene khungu limatulutsa lokha. Tiziwalo totulutsa mafutawa tachuluka pachipumi, pamphuno ndi pachibwano. Pakapita maola awiri kapena atatu, mafutawo amakwera, amasakanikirana ndi faundeshoni n'kuisungunula. Nkhope imayamba kunyezimira, utoto umaunjikana m'makwinya a m'munsi mwa maso ndi a m'mbali mwa pakamwa, ndipo nthawi zina mtundu wake umaderako.

Njira yachitatu ndi thukuta ndi kukhudzana. Thukuta ndi madzi, ndipo likamatsika limasiya tinjira pamasaya. Foni, chipewa cha pa kabaza wa njinga yamoto, mpango ndi phewa la amene mwamukumbatira, zonsezi zimachotsa utoto pang'onopang'ono.

Pulaima inapangidwira vuto loyamba, ndipo mitundu ina imathandizako pa lachiwiri. Paudala ndi ya vuto lachiwiri. Sipulei ndi ya vuto lachitatu.

Pulaima: kukonza khungu utoto usanafike

Pulaima imapakidwa mukatha kudzola mafuta a kumaso ndi oteteza ku dzuwa, faundeshoni isanabwere. Yodziwika kwambiri ndi ya silikoni. Mungaizindikire poipaka kuseri kwa dzanja: imaterera, siinyowetsa, ndipo pamalo pamene yadutsa pamasalala nthawi yomweyo. Silikoni salowa m'khungu. Amakhala pamwamba, amadzaza timabowo ndi timizere, motero faundeshoni imayala pamalo osalala. Timabowoto sitichepa, madzulo mukasamba timaonekanso monga kale.

Pali ina yamadzi, imene nthawi zambiri imakhala ndi gilisalini. Iyi imathandiza khungu louma kuti lisamwe madzi a mu faundeshoni n'kuisiya itang'ambika. Ina mwa mtundu umenewu imamata pang'ono ikauma, kuti utoto ugwirire. Palinso ya khungu lamafuta, yokhala ndi ufa wosalala kwambiri wotchedwa silika, umene umayamwa mafuta akamatuluka.

Pulaima inatchuka kuchokera m'nyumba zojambuliramo zithunzi. Imodzi mwa zimene zinaitchukitsa ndi ya kampani ya ku America ya Smashbox, imene eni ake anali ndi situdiyo ya zithunzi ku Los Angeles, kumene magetsi owala ndi otentha amaonetsa kabowo kalikonse. Nkhope yopita ku ofesi kapena ku kalasi siili pansi pa magetsi otero. Koma ganizo lake si lachilendo kwathu kuno. Amayi ambiri akhala akudzola ponzi, kirimu uja wa Pond's amene amazimiririka pakhungu n'kuchotsa kunyezimira, asanaphode. Ntchito imene ankampatsa ndi yomweyi.

Muyezo wake ndi wochepa: kadontho kofanana ndi njere ya nandolo kamakwana nkhope yonse, ndipo anthu ambiri safunika kupaka nkhope yonse. Ikani pamphuno, m'mbali mwa mphuno, pakati pa chipumi ndi pachibwano, mozisindikiza ndi chala osati mokhula, kenako dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi chakuti faundeshoni ikangofika, pamatuluka tinyenyeswa ngati litsiro la pakhungu. Zimenezi zimachitika ngati pulaima yachuluka, ngati mafuta a pansi anali asanalowe, kapena ngati mwakhula mwamphamvu. Zimachitikanso pamene pulaima ili ya silikoni wambiri koma faundeshoni ndi yamadzi kwambiri, moti ziwirizo zimakanana. Yesani ziwirizo kuseri kwa dzanja musanagule: zikapanga tinyenyeswa padzanja, zidzapanganso kumaso.

Vaselini ndi mafuta ena olemera sangalowe m'malo mwa pulaima. Faundeshoni imangoterera pamwamba pake. Ngati khungu lanu ndi losalala ndipo mumadzola kirimu wopepuka amene amalowa bwino, kirimuyo wagwira kale gawo lalikulu la ntchito ya pulaima.

Paudala: kuumitsa chimene chili chonyowa

Faundeshoni ndi konsila, ngakhale zitakhala mphindi zingapo pankhope, zimakhalabe zofewa. Zimasuntha mukamwetulira ndipo zimamata chilichonse chimene chazikhudza, kuphatikizapo fumbi la mumsewu. Aliyense amene anakandapo ufa wa mandasi amadziwa kuti ukamamata m'manja umawazapo ufa wouma pang'ono, ndipo ukachulutsa ufawo mtanda umauma n'kung'ambika. Paudala imachita chimodzimodzi pankhope. Timbewu take, timene nthawi zambiri ndi ta taliki, silika, kapena sitachi wa chimanga kaya mpunga, timayamwa chinyezi ndi mafuta a pamwamba n'kugwira utoto pamalo ake, ndipo timapitiriza kuyamwa mafuta amene khungu likutulutsa.

Imabwera m'mitundu iwiri. Ya ufa, ya m'kachitini, ndi yopepuka ndipo ndi yabwino pokonza nkhope kunyumba. Youmbidwa, ya m'kabokosi kokhala ndi galasi, imakhala ndi zomatira pang'ono kuti isamwazike, imaphimba kwambiri, ndipo ndiyo yoyenda nayo m'chikwama.

Kwa ife akhungu lakuda, nkhani yaikulu ndi mtundu. Mapaudala ambiri olembedwa kuti alibe mtundu amakhala oyera m'kachitini, ndipo pakhungu loderapo amasiya nkhope yotuwa mbuu. Choipa kwambiri chimaoneka pa zithunzi. Paudala yoyera ya silika wambiri imabweza kuwala kwa fulashi ya kamera, moti munthu amene pagalasi amaoneka bwinobwino, pachithunzi amatuluka ndi zigamba zoyera m'munsi mwa maso. Kuyesa kwake n'kosavuta: pakani paudalayo, lowani m'chipinda chamdima pang'ono, dzijambuleni ndi foni fulashi ili yoyaka. Chimene muone pamenepo ndi chimene wojambula wa pa ukwati adzakupatseni.

Paudala yachikasu imene anthu amaitcha banana, imene inatchuka ndi kampani ya zophoda za a zisudzo ya Ben Nye, imawalitsa m'munsi mwa maso pakhungu lofiirira moyererako. Pakhungu lakuda kwambiri nayonso imatuwitsa. Wongoyamba asankhe paudala yofanana ndi khungu lake, aiyese pansagwada, ndipo atuluke nayo panja aione ndi kuwala kwa dzuwa. Paudala ya ana ndi yoyera kwambiri ndipo ili ndi fungo lowonjezera, choncho pankhope yakuda siithandiza.

Kapakidwe kake kali motere. Yambani mwasalaza konsila ya m'munsi mwa maso ndi chala, chifukwa paudala ikapeza utoto utaunjikana m'khwinya imaumitsira momwemo. Tengani paudala pang'ono ndi kasiponji kapena bulashi, kung'unthani yotsala kuseri kwa dzanja, kenako sindikizani pakhungu. Musasese, popeza kusesa kumakoka faundeshoni imene ili pansi. Yambani m'munsi mwa maso, pitani pamphuno, pachipumi ndi pachibwano. Masaya, ngati satulutsa mafuta, mukhoza kuwasiya.

M'mavidiyo ambiri mumaona anthu ataunjika paudala yambiri m'munsi mwa maso n'kuisiya kwa mphindi 5 mpaka 10 asanaisese. Njira imeneyi inachokera kwa anthu a pasiteji, amene amaonedwa ali patali pansi pa magetsi amphamvu. Munthu akakuyandikirani masana, imaonetsa khwinya lililonse, makamaka ngati khungu ndi louma kapena ndi la munthu wamkulu.

Sipulei: kansalu kosaoneka pamwamba pa zonse

Mabotolo opopera kumaso ali a mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amagula mtundu wina akufuna unzake. Woyamba ndi madzi osakaniza ndi gilisalini, nthawi zina ndi madzi a maluwa a rozi. Uwu umanyowetsa paudala pang'ono kuti ilowerere, nkhope isaoneke yaufa. Ndi wabwino pa ntchito imeneyo, koma suletsa mekapu kuchoka.

Wachiwiri ndiwo umalimbitsa. Mkati mwake muli tinthu tomata totchedwa mapolima, monga PVP, tosungunulidwa m'madzi ndipo kawirikawiri ndi sipiriti. Mukapopera, sipiriti ndi madzi zimauluka msanga, ndipo mapolima aja amatsala ngati kansalu kopyapyala kosaoneka kamene kamamanga utoto ndi paudala pamodzi. Kansaluka kamachedwetsa thukuta kutsuka utoto ndipo kamachepetsa zimene zimatsalira pa zovala. Poperani pang'ono kuseri kwa dzanja n'kudikira kuti paume. Pakamveka kuti pakungika kapena pakumata pang'ono, ndi yolimbitsa. Pakangofewa, ndi yonyowetsa.

Khutchumulani botolo, ligwireni patali masentimita 20 mpaka 30 kuchokera kumaso, tsinzinani, tsekani pakamwa, poperani katatu kapena kanayi modutsa nkhope yonse. Kenako musakhudze kwa mphindi imodzi. Mukaliyandikitsa kwambiri, madontho akuluakulu amagwera pamalo amodzi n'kuboola mekapu. Sipulei ili ndi malire ake. Siiyamwa mafuta ochuluka, moti nkhope yamafuta imene yapoperedwa popanda paudala imanyezimirabe. Siiletsa thukuta kutuluka. Ndipo ya sipiriti wambiri imaumitsa khungu louma kale ndi kuyabwitsa lomwe lili ndi zilonda za ziphuphu.

Nkhope imodzi, tsiku limodzi la Okutobala

Titenge mtsikana wa khungu lamafuta amene akuperekeza mkwatibwi ku Lilongwe Loweruka lina mu Okutobala, pamene kutentha masana kumapitirira madigiri 30. Ku tchalitchi n'kwa 9 koloko, zithunzi zijambulidwa panja cha m'ma 12 koloko, ndipo madyerero ndi perekaniperekani zitenga masana onse mpaka cha m'ma 6 koloko. Nkhope yake iyenera kupirira maola 11, pali kuvina, pali kukumbatirana, ndipo diresi ndi lowala. Adani atatu aja onse alipo, choncho apa zida zonse zitatu zili ndi ntchito.

Cha m'ma 6:30 asambe kumaso, adzole kirimu wopepuka ndi mafuta oteteza ku dzuwa, n'kudikira mphindi 5 mpaka 10 kuti zilowe. Atenge pulaima ya khungu lamafuta, theka la njere ya nandolo, asindikize pamphuno, pachipumi ndi pachibwano pokha, adikire mphindi ziwiri. Faundeshoni ikhale yopyapyala, ndipo awonjezere pamalo okhawo amene pali zipsera. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaganiza kuti tsiku lalitali limafuna utoto wambiri, pamene utoto wochindikala ndi umene umasungunuka msanga, ndipo palibe sipulei imene ingaugwire. Konsila ikalowa, asindikize paudala yofanana ndi khungu lake m'munsi mwa maso ndi pakati pa nkhope, amalize nsidze, maso ndi masaya, apopere sipulei yolimbitsa, adikire iume. Asanavale diresi adzijambule ndi fulashi.

Pofika nthawi ya zithunzi mphuno idzakhala itayamba kunyezimira. Asathamangire paudala. Paudala ikagwera pa mafuta ndi thukuta imapanga phala limene limaunjikana n'kuda. Ayambe wasindikiza tishu imodzi yopyapyala pamphuno ndi pachipumi, aichotse osapukuta, ndipo khungu likauma ndiye aikepo paudala youmbidwa pang'ono. Akatuluka m'bwalo lovinira thukuta lili kamukamu, achite chimodzimodzi: akhale pansi, adzikupize, asindikize tishu, paudala ibwere pomalizira. M'kachikwama kake mukhale tishu, paudala ndi lipisitiki. Pulaima itsale kunyumba, chifukwa ntchito yake inatha m'mawa.

Mtsikana yemweyo Lolemba akamapita ku ntchito, kumene akhale pamthunzi ndipo palibe kuvina, paudala yokha imukwanira. Mnzake wa khungu louma, m'mwezi wa Juni kapena Julayi pamene mphepo yozizira ikuumitsa khungu, angafunike zosiyana kotheratu: kirimu wokwanira, paudala pang'ono m'munsi mwa maso basi, ndi sipulei yonyowetsa ngati nkhope ikuoneka yaufa.

Njira zachidule zowononga khungu

Pali malangizo atatu amene amayenda kwambiri pakati pa atsikana ndi m'masaluni ena. Oyamba ndi opaka mankhwala a m'mimba oyera ngati mkaka aja, a maginiziya, m'malo mwa pulaima. N'zoona kuti amaumitsa mafuta. Koma khungu lathanzi limakhala ndi asidi pang'ono, pa muyezo wa pH pafupifupi 5, ndipo asidiyo amathandiza kuliteteza ku tizilombo. Mankhwala a maginiziya ali cha pa 10. Kuwapaka kawirikawiri kumafooketsa chitetezo chimenechi, ndipo khungu limayamba kuuma, kuyabwa ndi kutuluka ziphuphu. Pakhungu lakuda, chotupa chilichonse chikapola chimakonda kusiya banga lakuda limene limatenga miyezi kuti lizimiririke.

Achiwiri ndi opaka kalamaini, mankhwala apinki aja odzola munthu akadwala katsabola. Nawonso amaumitsa khungu mopitirira, ndipo amatuwitsa nkhope pansi pa faundeshoni. Achitatu ndi opopera kumaso sipulei ya tsitsi. Ili ndi mapolima ofanana ndi a sipulei ya kumaso, koma ndi ochuluka ndi olimba, pamodzi ndi sipiriti ndi zonunkhiritsa zimene sizinapangidwire khungu la kumaso, maso kapena mapapo.

Chenjeraninso ndi zinthu zachinyengo ndi zogulitsidwa mopungulira m'timabotolo topanda dzina. Pa botolo lenileni pamakhala mndandanda wa zimene zili mkati, komanso kachithunzi ka chitini chotsegula kolembedwa 6M, 12M kapena 24M, kutanthauza miyezi imene chinthucho chingagwiritsidwe ntchito chikatsegulidwa. Zamadzimadzi zimawonongeka msanga kuposa za ufa. Choncho pulaima kapena sipulei yogulira maukwati awiri pa chaka ikhoza kutha mphamvu botolo lisanafike pakati, pamene paudala imakhalitsa. Chilichonse chimene mwapaka chichotsedwe usiku, makamaka ngati munagwiritsa ntchito silikoni kapena sipulei yolimbitsa, zimene madzi okha sazichotsa bwino. Siponji ichapidwe ndi sopo kamodzi pa sabata.

Ndiye mugule chiti?

Lolani nkhope yanu iyankhe. Tsiku lina limene mulibe zochitika, pakani faundeshoni yokha m'mawa, muziyang'ane pagalasi mutangomaliza, kenako masana ndi madzulo. Ngati pofika masana mphuno ndi chipumi zikunyezimira ndipo utoto waunjikana m'makwinya, mukufunika paudala, ndipo anthu ambiri m'nyengo yathu yotentha ali m'gulu limeneli. Ngati vuto likuoneka mutangopaka kumene, timabowo tili poyera kapena utoto ukukana kuyala, yambani mwasintha kirimu wa pansi, ndipo zikapitirira ndiye muganize za pulaima. Ngati nkhope ikuoneka bwino koma utoto ukuthera pa foni, pa kolala kapena ukutsika ndi thukuta, chosowa ndi sipulei yolimbitsa.

Musanagule chachiwiri, bwerekani kwa mnzanu kadontho ka pulaima pa chala choyera, kapena mupopere sipulei yake, muike mbali imodzi yokha ya nkhope. Pakatha maola 6 yerekezani mbali ziwirizo pa kuwala kwa panja. Ngati simukuona kusiyana, chinthucho si chanu, ngakhale chitatamandidwa chotani. Siponji ndi bulashi zokha musabwerekane, chifukwa zimasamutsa tizilombo.

Wongoyamba kuphoda safunika zonse zitatu. Agule paudala youmbidwa yofanana ndi khungu lake, aphunzire kupaka faundeshoni yopyapyala ndi kusindikiza tishu asanawonjezere paudala. Sipulei yolimbitsa ibwere pamene pali chinkhoswe, ukwati kapena ntchito ya padzuwa. Pulaima ikhale yomalizira kugula, ndipo kwa amene khungu lake ndi losalala kale, ikhoza osagulidwa n'komwe.